Akalulu 850 ndi lamulo la Cayley ndi Hamilton

Tiyerekeze kuti mlimi wayamba kuweta akalulu aakazi khumi. Nyengo iliyonse kalulu wamkulu amaswa ana aakazi awiri, ndipo ana onse amakhala atakula pofika nyengo yotsatira. Kuti masamu asativute, tinene kuti palibe amene akufa, kugulitsidwa kapena kulowa mumphika. Tikawerenga akalulu aakazi onse nyengo ndi nyengo, tipeza 10, 30, 50, 110, 210, 430 ndi 850.

Tayang'anitsitsani manambalawa. Iliyonse ikupezeka potenga ya dzulo lake n'kuphatikizapo ya dzana lake kawiri. 50 ndi 30 kuphatikiza 10 kawiri. 110 ndi 50 kuphatikiza 30 kawiri. 850 ndi 430 kuphatikiza 210 kawiri. Sitinamuuze mlimiyu kuti khola lake lizitsata dongosolo limeneli. Dongosololi labisala m'kaberekedwe ka akaluluwo, ndipo chimene chimalitulutsa poyera ndi lamulo la masamu lotchedwa ndi maina a Cayley ndi Hamilton.

Kuti tilimve, tiyambe talemba za kholali m'njira ya akatswiri a masamu. Iwo amandanda manambala m'mizere yopingasa ndi yotsika, ndipo kandandandako amakatcha matirikisi. Yathu tiitche A:

```
A = | 1  1 |
    | 2  0 |
```

Mzere wapamwamba ukunena za akuluakulu a nyengo yamawa: onse amene ali aakulu lero, kuphatikiza ana onse a lero. Mzere wapansi ukunena za ana a mawa: awiri pa wamkulu aliyense, ndipo ziro pa mwana, poti mwana sanayambe kuswa. Choncho A ndi nyengo imodzi. Kuchulukitsa A ndi A, komwe timalemba A², ndi nyengo ziwiri zotsatana, ndipo A⁶ ndi nyengo zisanu ndi imodzi.

Kuchulukitsa matirikisi sikutanthauza kuchulukitsa nambala iliyonse ndi inzake ya pamalo omwewo. Timatenga mzere wopingasa wa yoyamba n'kuukumanitsa ndi mzere wotsika wa yachiwiri. Pakona yapamwamba kumanzere ya A², mzere wa 1 ndi 1 ukumana ndi mzere wa 1 ndi 2, ndiye tipeza 1×1 + 1×2 = 3. Tikatero pamalo onse anayi, A² ikhala ndi 3 ndi 1 pamwamba, 2 ndi 2 pansi. Ntchitoyi ndi yotheka, koma kuibwereza kasanu kapena kakhumi n'kotopetsa, ndipo ukaphonya pamodzi zonse zotsatira zimapita kutchire.

Apa ndi pamene lamulo lija limapeputsa katundu. Matirikisi iliyonse yokhala ndi mizere iwiri yopingasa ndi iwiri yotsika ili ndi manambala awiri oidziwikitsa. Yoyamba ndi tiresi, imene timaipeza pophatikiza nambala ya pakona yapamwamba kumanzere ndi ya pakona yapansi kumanja. Kwa ife ndi 1 + 0 = 1. Yachiwiri ndi ditaminanti: timachulukitsa manambala awiri omwewo, n'kuchotsapo zimene tipeze pochulukitsa awiri otsalawo. Kwa ife ndi 1×0 − 1×2 = −2. Manambala awiriwa amamanga chiganizo cha masamu chotchedwa polinomiyo ya matirikisiyo, chimene chili ngati chidindo chake. Ngati tiresi ndi t ndipo ditaminanti ndi d, chiganizocho ndi x² − tx + d. Cha akalulu athu ndi x² − x − 2.

Lamulo la Cayley ndi Hamilton likuti: chotsani x, muikepo matirikisi mwini wakeyo, ndipo zonse zifafanizana mpaka kutsala maziro okhaokha. Pa nkhani yathu ndiye kuti A² − A − 2I = 0, kapena kuti A² = A + 2I. Chilembo cha I chikuimira matirikisi yosasintha kanthu, yokhala ndi 1 ndi 0 pamwamba, 0 ndi 1 pansi. M'khola, I ndi nyengo imene palibe chachitika. Tiyese ngati n'zoona. Kuwonjezera 2I pa A ndiko kuika 2 pamakona awiri aja a tiresi basi, ndiye tipeza 3 ndi 1 pamwamba, 2 ndi 2 pansi. Ndi A² ija ndendende. Ndipo mukaliwerenga m'chilankhulo cha mlimi, lamuloli likunena zomwe tinaona poyamba paja: za mawa ndi za lero kuphatikiza za dzulo kawiri.

Sizinangochitika mwamwayi pa akalulu okha. Tengani matirikisi iliyonse ya a ndi b pamwamba, c ndi e pansi, muone pakona yoyamba. A² ikupereka a² + bc. Tiresi kuchulukitsa ndi a ikuchotsapo a² ndi ae. Ditaminanti ikubwezerapo ae n'kuchotsa bc. Palibe chotsala. Malo ena atatuwo amafafanizika chimodzimodzi.

Phindu loyamba ndi kuwerengera nyengo zambiri popanda kuchulukitsanso matirikisi. Paliponse pamene A² yaonekera timaisinthitsa ndi A + 2I. Motero A³ ndi A² + 2A, yomwe ndi 3A + 2I. Nayo A⁴ ndi 3A² + 2A, yomwe ndi 5A + 6I. Tikapitiriza, A⁵ ndi 11A + 10I, ndipo A⁶ ndi 21A + 22I. Tangosunga manambala awiri okha pa sitepe iliyonse: watsopano wa kutsogolo kwa A ndi awiri akalewo ataphatikizidwa, pomwe watsopano wa kutsogolo kwa I ndi wakale wa A kawiri. Tikaimasula A⁶ tipeza 43 ndi 21 pamwamba, 42 ndi 22 pansi. Mlimi wathu anayamba ndi akuluakulu 10 popanda ana, ndiye pakutha pa nyengo zisanu ndi imodzi ali ndi akuluakulu 430 ndi ana 420. Onse pamodzi ndi 850 aja.

Munthu wofulumira angathe kulumpha masitepe. Popeza A⁸ ndi A⁴ kuchulukitsa ndi A⁴, tichulukitse 5A + 6I ndi iyo yomwe. Tipeza 25A² + 60A + 36I, ndipo tikasinthitsa A² ija zikhala 85A + 86I. Mwa njira yomweyi timafika pa A¹⁶ ndi sitepe imodzi yokha yowonjezera.

Phindu lachiwiri ndi kubwerera m'mbuyo. Tinene kuti mlimi wawerenga akuluakulu 50 ndi ana 60, koma kope la nyengo yatha linanyowa ndi mvula. Akufuna matirikisi yobweza zimene A yachita, imene akatswiri amaitcha invesi ndipo amailemba A⁻¹. Kuchokera pa A² − A = 2I, titulutse A panja kuti tikhale ndi A(A − I) = 2I. Izi zikutiuza kuti A ikachulukitsidwa ndi theka la A − I imapereka I, kutanthauza kuti thekalo ndilo invesi:

```
A⁻¹ = (A − I)/2 = | 0   1/2 |
                  | 1  −1/2 |
```

Mzere wapamwamba ukuti akuluakulu a nyengo yatha anali theka la ana a lero, ndiye 30. Wapansi ukuti ana a nyengo yatha anali akuluakulu a lero kuchotsapo theka lomwelo, 50 − 30, ndiye 20. N'zomveka ndithu: akalulu 30 ndiwo angaswe ana 60, ndipo 30 ndi 20 ndiwo 50.

Koma onani kuti tagawa ndi 2, nambala yochokera ku ditaminanti. Ditaminanti ikakhala ziro, khomo lobwerera limatsekeka. Tengani B ya 1 ndi 2 pamwamba, 2 ndi 4 pansi. Tiresi yake ndi 5, ditaminanti ndi 4 − 4 = 0. Lamulo likugwirabe ntchito, ndipo likupereka B² = 5B, zomwe zimathandiza kupeza B³ = 25B mosavuta. Koma palibe I yotsala yoti tiifikire, choncho invesi kulibe. Chifukwa chake chikuonekera m'mizere: wapansi ndi wapamwamba kawiri, sukunena chatsopano. Kaya munayamba ndi 2 ndi 0 kapena 0 ndi 1, B ikupatsani 2 ndi 4, ndiye simungadziwe kumene munachokera.

Ophunzira amapunthwa kawirikawiri pa I. Amalemba A + 2 n'kuwonjezera 2 pamalo onse anayi, mpaka kupeza 3 ndi 3 pamwamba, 4 ndi 2 pansi. Ena amasokoneza zizindikiro, makamaka ditaminanti ikakhala pansi pa ziro ngati yathuyi. Mankhwala ake ndi amodzi: chulukitsani A ndi A kamodzi pamanja muone ngati zikugwirizana ndi lamulo musanapite patali, ndipo invesi mukaipeza ichulukitseni ndi A muone ngati I ituluke.

Pali msampha winanso umene umakola ngakhale ochenjera. Polinomiyo ya matirikisi ya kukula kulikonse imapezeka powerengera ditaminanti ya xI − A. Ndiye wina amati, ikani A pamalo pa x, mupeza A − A, ditaminanti yake ndi ziro, umboni watha. Umboniwu ndi wabodza. Ditaminanti ndi nambala imodzi, pomwe lamulo likunena za matirikisi yathunthu imene malo ake onse ndi ziro. Matirikisi B ija ili ndi ditaminanti ya ziro, chikhalirecho mulibe ziro ngakhale mmodzi mkati mwake.

Umboni weniweni unatenga zaka. William Rowan Hamilton wa ku Ireland anaonetsa mfundo yofanana nayo mu 1853 m'buku lake la manambala apadera amene iye anatulukira, otchedwa makwataniyoni. Arthur Cayley wa ku England, amene nthawiyo ankagwira ntchito ya uloya ku London, analemba lamuloli m'chilankhulo cha matirikisi mu 1858. Anaonetsa masamu ake pa matirikisi ya mizere iwiri, ananena kuti wayesanso pa ya mizere itatu, ndipo sanaone chifukwa chodzivutitsa ndi umboni wa kukula kulikonse. Amene anamaliza ntchitoyo ndi Mjeremani Ferdinand Georg Frobenius mu 1878, ngakhale dzina lake silinalowe m'dzina la lamulolo.

Lamuloli limagwira pa matirikisi yokhayo imene mizere yake yopingasa ndi yotsika ndi yofanana kuchuluka. Ya mizere itatu imakhala ndi polinomiyo yoyamba ndi x³, ndiye A³ ndi zonse zapamwamba pake zimalembeka ndi A², A ndi I. Mizere ikachuluka, kupeza polinomiyoyo kumasanduka ntchito yaikulu, ndipo timalakwidwe tating'ono tobwera podula manambala a madesimo timakula msanga. N'chifukwa chake makompyuta akamafuna invesi ya matirikisi ya mizere mazanamazana amatsata njira ina, ya kuchotsera mizere yotchedwa ndi dzina la Gauss. Malire enanso ali m'khola momwemo: A⁸ ikulonjeza mlimi akalulu 3,410, koma zimenezo n'zoona pokhapokha ngati manambala anayi a mu A sanasinthe. Matenda akalowa, kapena akayamba kugulitsa, ayenera kulemba matirikisi yatsopano, n'kuwerengeranso tiresi ndi ditaminanti yake.