Kukhudzana Kopanda Mayeso: Njira Yochotsera Mantha Kuchipinda

Zimayamba ndi usiku umodzi. Mwamuna wabwera atatopa, thupi lakana kudzuka. Mawa lake akulowa kuchipinda mtima uli m'mwamba, akudzifunsa ngati lero zitheke. Mantha amenewa amatulutsa m'thupi madzi otchedwa adirenalini, omwe amafinya mitsempha ya magazi, pamene chiwalo cha abambo chimafuna magazi ochuluka kuti chilimbe. Thupi limakananso. Mkazi naye amayamba kuganiza kuti mwina wasukuluka, kapena kuti kunjaku kuli wina. Pakatha miyezi ingapo, awiriwo amagona mofulatirana, ngakhale kugwirana dzanja amaopa, poti kungaoneke ngati pempho.

Dokotala William Masters ndi mnzake pa kafukufuku Virginia Johnson, a ku St. Louis m'dziko la Amereka, anaona kuti munthu wotere amasanduka woonerera thupi lake lomwe, kumaliyang'anira m'malo momva zomwe likumva. M'buku lawo la mu 1970 anafotokoza njira yotchedwa senseti fokasi, yomwe akatswiri a uphungu wa m'banja akuigwiritsabe ntchito. Lamulo lake loyamba limadabwitsa: kwa kanthawi, awiriwo agwirizane kusakhala malo amodzi. Mayeso akachotsedwa, palibe choti munthu alephere.

Tiyerekeze banja lomwe tatchulali. Asankha masiku awiri kapena atatu pa sabata, ana atagona, chitseko chokhoma, foni yozimitsa, onse atasamba ndiponso asanamwe mowa. Avula zovala, kapena atsala ndi zochepa ngati manyazi akadalipo. Mkazi agona, mwamuna ayamba kumukhudza kwa mphindi pafupifupi 15: nkhope, khosi, msana, manja, mpaka kuzala zakumapazi. Mabere ndi ziwalo zobisika azilumpha. Kenako asinthana.

Apa mpamene ambiri amasokonezeka. Wokhudzayo sakusisita kuti asangalatse mnzake, kapena kuti amudzutsire chilakolako. Akukhudza kuti iye mwini amve zinthu zitatu: pofunda ndi pozizira, posalala ndi pokhakhala, pofewa ndi polimba. Kuseri kwa khutu kumafunda kuposa phewa. Mkati mwa mkono mumasalala, pachigongono pamakhakhala. Maganizo akathawira ku funso lija loti "kodi chadzuka?", awabwezere pansonga za zala zake. Adzathawanso, awabwezenso, ntchito yake ndi yomweyo. Wogonayo naye angomvetsera khungu lake. Pakamunyerenyetsa kapena kumupweteka, angosuntha dzanja la mnzake, kapena anene kuti, "Bambo, pamenepo ayi, tsikani pang'ono."

Nthawi zambiri pakapita masiku, thupi la mwamuna limadzuka lokha, poti palibe akulikakamiza. Chiyeso chimakhala chachikulu kuti angomaliziratu. Ine ndikuti apirire. Akathamanga n'kulepheranso, mantha amabwerera ndi mphamvu. Ndi bwino alisiye lidzuke, ligone, lidzukenso, kuti aone ndi maso ake kuti chomwe chapita chimabwerera.

Onse akafika pochita zimenezi mtima uli m'malo, mwina patatha sabata imodzi kapena ziwiri, amaonjezera mabere ndi ziwalo zobisika, koma osakhazikika pamenepo: dzanja lifike, lidutse, libwerere kumsana. Wokhudzidwayo angathe kuika dzanja lake pamwamba pa la mnzake n'kumalitsogolera, kusonyeza liwiro ndi mphamvu yomwe akufuna popanda kuyankhula. Kwa mayi amene wakhala zaka osanena zomwe zimamukomera, kachitidwe aka kamamasula zambiri. Pambuyo pake amakhudzana onse nthawi imodzi. Pomaliza amalowana pang'onopang'ono, kawirikawiri mkazi ali pamwamba kuti ndiye aziwongolera, n'kungokhala chete osagwedezeka, akumva kufunda kwake. Mantha akabweranso, amabwerera sitepe imodzi mmbuyo. Ofuna kudzola mafuta adziwe kuti mafuta ophikira ndi vaselini amaononga kondomu. Zofewetsera zamadzi ndizo zoyenera.

Njirayi imathandizanso amuna othira msanga, amayi amene chilakolako chinazirala, ndi omwe thupi limadzimanga poopa ululu. Koma siichiritsa chilichonse. Mwamuna amene thupi limadzuka m'mamawa koma n'kukana akakhala ndi mkazi wake, kawirikawiri vuto lake ndi nkhawa. Ngati silidzuka n'komwe, ngakhale kutulo, asathamangire gondolosi; akayezetse shuga ndi kuthamanga kwa magazi, ndipo auze dokotala mankhwala onse amene akumwa, chifukwa ena a kuthamanga kwa magazi ndi a matenda a nkhawa amafooketsa. Mayi womva ululu, wotuluka magazi kapena chikazi chonunkha ayambe wapita kuchipatala. Amene anagwiriridwapo achite zimenezi mothandizidwa ndi mlangizi wodziwa za maganizo, chifukwa kukhudzidwa kungadzutse zowawa zakale. Ndipo m'nyumba momwe muli kumenyana kapena kukakamizana, njirayi isayambidwe n'komwe, poti imafuna kuti aliyense akati "basi", mnzake achotse dzanja nthawi yomweyo.