Pawa Sitesheni Ikuti Yadzaza, Nanga Ikuzimiranji?

Magetsi akathima, ambiri masiku ano amadalira pawa sitesheni, bokosi lonyamula m'manja lomwe mkati mwake muli batire, invata ndi tchaja. Dandaulo lomwe limamveka kawirikawiri ndi ili: pasikirini pakuoneka 100%, foni ikutchaja bwinobwino, koma kungolumikiza filiji kapena makina oboolera, bokosi limalira kamodzi n'kuzima. Mukaliyatsanso, likunenabe kuti ladzaza.

Nambala ya pasikirini ija ndi yongoyerekeza. Mabokosi ambiri atsopano ali ndi batire la mtundu wa LiFePO4, ndipo selo iliyonse ya batire lotere imakhala pa mavoti 3.2 mpaka 3.3 pafupifupi nthawi yonse imene ikugwira ntchito, kaya yatsala ndi moto wambiri kaya wochepa. Choncho bokosi silingadalire mavoti okha kuti lidziwe moto wotsala. Limawerenga moto wolowa ndi wotuluka, ndipo ngati mumangotchaja pang'onopang'ono osafikitsa kumapeto, kawerengedweko kamasokonekera.

Chimene chimazimitsa bokosi sichisamala nambala imeneyo. Ndi kabolodi koteteza batire, kotchedwa BMS, kamene kamayang'anira selo iliyonse payokha. Selo imodzi ikakwera kufika cha pa mavoti 3.65, kamaletsa kutchaja. Imodzi ikatsika kufika cha pa 2.5, kamadula moto wotuluka. Kamadulanso moto ukamakokedwa mopitirira muyezo, mawaya akagundana, kapena batire likatentha kwambiri.

Tiyeni titenge bokosi la maselo anayi olumikizidwa mondondozana, opereka mavoti 12.8. Mukalumikiza chipangizo cha mawati 500, batire liyenera kutulutsa maampu pafupifupi 43, poti invata nayo imadyako pang'ono. Selo yathanzi imatsika pang'ono chabe ikakokedwa chonchi, mwina kuchoka pa 3.3 kufika pa 3.2. Koma tinene kuti imodzi yakalamba ndipo moto ukuvutika kudutsamo, moti ikutaya mavoti 0.02 pa ampu iliyonse. Pa maampu 43 yataya 0.86, ndiye kuti yagwera pa 2.44. BMS imadula pomwepo, ngakhale zitatu zinazo zili ndi moto wambiri. Zili ngati ngolo: ng'ombe imodzi ikagwada pachitunda, ulendo waima, zilibe kanthu kuti inzakeyo ndi yamphamvu bwanji. Katundu akangochoka, selo ija imabwereranso pa 3.3, n'chifukwa chake zonse zimaoneka bwino mukayatsanso. Foni imakoka moto wochepa kwambiri moti siingaulule vutoli.

Chopweteka n'chakuti selo yofookayi ndi imenenso imayamba kufika pa 3.65 potchaja. BMS imaimitsa tchaja, bokosi n'kulemba 100%, zinzake zisanadzaze.

Musanaliweruze batire, onani kaye katundu amene mwalisenzetsa. Ketulo yamagetsi imafuna mawati cha m'ma 2,000, ndipo bokosi la mawati 500 silingaikwanitse ngakhale litakhala latsopano. Filiji ndiye imanyenga anthu: ikamayenda imadya mawati mwina 100, koma kompuresa ikamadzuka imakoka kangapo kuposa pamenepo kwa kamphindi. Apa kawirikawiri ndi invata imene imadziteteza. Masoketi aakulu okha ndi amene amazima, sikirini imakhalabe yoyaka n'kulemba OVERLOAD kapena nambala ya vuto, ndipo mabowo a USB amagwirabe ntchito. Bokosi lonse likazima, kapena nambala ikadumpha kuchoka pa 80% kufika pa 0%, kaikirani batire. Likamazima patapita mphindi zingapo fani ikulira kwambiri, ndiye kuti latentha. M'mwezi wa Okutobala, makamaka ku Chikwawa ndi ku Nsanje, musaliike padzuwa limodzi ndi sola, ndipo musatseke timabowo take topumira.

Pali mayeso amene mungachite panyumba. Tchajani mpaka lidzaze, kenako lisiyeni patchaja maola ena angapo, chifukwa BMS imafananitsa maselo pamene ali pafupi kudzaza, ndipo imachita zimenezi ndi moto wochepa kwambiri. Mukatero lumikizani chinthu chodziwika mawati ake, monga TV ndi fani zokwana mawati 100, n'kuona nthawi mpaka lizime lokha. Bokosi lolembedwa 500Wh liyenera kupirira maola anayi kapena kuposerapo pang'ono. Litchajeninso mpaka kudzaza osadukiza. Ngati linali vuto la kawerengedwe, nambala iyambanso kunena zoona. Koma ngati lazima ola limodzi lisanathe, ngakhale mutabwereza kawiri, selo ina yafooka ndipo palibe batani lomwe lingaichiritse.

Apa m'pamene amisiri ena amakuuzani kuti angolumpha BMS ndi waya, bokosi lisiye kuzima. Musalole. Selo ikakakamizidwa kutsika kupitirira malire ake imaonongeka mkati, ndipo potchajanso ikhoza kufufuma kapena kuyaka, makamaka m'mabokosi a mtundu wa NMC. Ngati chitsimikizo cha kusitolo chikadalipo, libwezeni musanamasule sikuluwu ndi imodzi yomwe. Ngati chinatha, pezani mmisiri amene adzayeza selo iliyonse payokha bokosi likukoka katundu, n'kukuonetsani imene ikugwa.