Mwadina batani koma mpira wachedwa kuchoka pamwendo? Yambani mwaona tivi, padi ilibe mlandu

Aliyense wosewera mpira wa pa PlayStation ali ndi mnzake amene akaluza amati padi ndi yakufa. Nthawi zina amanena zoona ndithu. Koma kawirikawiri wolakwa amakhala tivi, makamaka ija yaikulu yokongola imene banja linagula kuti lizionerapo DStv. Tivi yotere ikalandira chithunzi imayamba yachikonza kaye: imachotsa timadontho, imakoleza mitundu, ndipo ina imapanga zithunzi zakezake zoika pakati kuti zinthu zizioneka zikuyenda mosalala. Zonsezi zimadya nthawi. Poonera filimu simungadziwe n'komwe, koma mukagwira padi mumamva ngati wosewera wanu wamangidwa miyendo.

Pa bokosi la tivi zatsopano pamalembedwa mawu awiri, ALLM ndi VRR, ndipo ogulitsa amawatchula ngati chinthu chimodzi. Ndi zinthu ziwiri zosiyana, zochiza matenda osiyana. Choyamba chimathetsa kuchedwa, chachiwiri chimathetsa kudodoma kwa chithunzi, ndipo kwa ambiri a ife choyambacho ndiye chofunika zedi.

Tiyambe ndi kuchedwa. Gemu yoyenda bwino imatulutsa zithunzi 60 pa sekondi, kutanthauza kuti chithunzi chilichonse chimakhala pa sikirini kwa mamilisekondi pafupifupi 17 (milisekondi ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a sekondi). Tivi ikakhala pa Standard kapena Vivid, ikhoza kuchedwetsa chithunzi ndi mamilisekondi 100 kapena kuposerapo. Apo ndiye kuti zimene mukuona zatsalira m'mbuyo ndi zithunzi 6. Mukuona wotchinga kumbuyo akubwera, mukudina kuti mumuzembe, pamene m'kati mwa makinawo mpira walandidwa kale. Tivi yomweyo mukaiika pa Game Mode imasiya zokongoletsa zija, ndipo pa tivi zambiri za masiku ano kuchedwako kumatsika kufika pa mamilisekondi 10 mpaka 15.

Nanga ALLM ndi chiyani? Ndi uthenga chabe. PS5 kapena Xbox imauza tivi kudzera pa chingwe cha HDMI kuti gemu yayamba, tiviyo n'kulowa yokha mu Game Mode. ALLM payokha sichepetsa kuchedwa ngakhale pang'ono, imangokupulumutsani ku ntchito yogwira rimoti. Choncho ngati tivi yanu ndi yakale ndipo ilibe ALLM, musadandaule. Lowani mu Picture Mode, sankhani Game, basi mwafika pomwe pali mnzanu wa tivi yodula uja. Amene muli ndi PS4 njira yanu ndi yomweyi, chifukwa PS4 ilibe ALLM ngakhalenso VRR.

Apa pali timisampha tiwiri. Tivi zambiri zimasunga masetingi a bowo lililonse la HDMI padera, ndiye mukatchera Game pa HDMI 1 kenako wina n'kusunthira chingwe pa HDMI 2 pofuna kulumikiza dikoda, mwabwerera pomwe munali. Komanso zambiri zimasunga padera masetingi a HDR ndi a zithunzi wamba, choncho yang'ananinso Picture Mode gemu ya HDR ikuyenda. Mukamaliza, onetsetsani kuti chosalazira mayendedwe chija ndi chozimitsa. LG imachitcha TruMotion, Sony imati Motionflow, Samsung zakale zimati Auto Motion Plus. Chimenechi chimachedwetsa kwambiri, chifukwa kuti tivi ipange chithunzi chapakati iyenera kudikira kaye chithunzi chotsatira chifike.

Mukafuna umboni, foni yanu ndi yokwanira. Jambulani padi ndi sikirini limodzi pa Slow motion, mudine batani lodumpha, kenako muwerenge zithunzi kuchokera pamene chala chagunda mpaka munthu wa m'gemuyo atayamba kusuntha. Ngati foni ikujambula zithunzi 240 pa sekondi, chilichonse ndi mamilisekondi 4 ndi pang'ono. Nambala yake iphatikiza kuchedwa kwa gemu yeniyeniyo, ndiye chofunika ndi kusiyana pakati pa Standard ndi Game. Koma dziwani kuti ngati kuchedwa kumabwera pokhapokha mukamasewera pa intaneti, vuto ndi netiweki, ndipo palibe setingi ya tivi imene ingakuthandizeni.

VRR ndi nkhani ina. Tivi wamba ya 60 Hz imasintha chithunzi ka 60 pa sekondi, osadikira munthu, ngati basi yonyamuka pa nthawi yake kaya mwakwera kaya simunakwere. Tiyerekeze kuti gemu yafika pamalo olemera, pali utsi ndi adani ambiri, ndipo makina akungokwanitsa zithunzi 50. Ndiye kuti ka 10 pa sekondi iliyonse tivi ipeza chithunzi chatsopano chisanakonzeke, n'kubwereza chakale. Zithunzi zina zikhala mamilisekondi 17, zina 33, ndipo maso anu aona kudodoma, makamaka mukamatembenuza kamera. Magemu ena salola kudikirako, amangotumiza chithunzi chatsopano chakale chisanathe, ndipo pa sikirini pamaoneka mzere wopingasa ngati chithunzi chang'ambika pakati.

VRR imatembenuza zinthu: tivi ndi imene imadikira makina. Gemu ikatulutsa zithunzi 50, tivi imasintha ka 50, chilichonse mamilisekondi 20, mofanana. Gemu sinathamange kuposa kale, koma kudodoma ndi kung'ambika kuja kwatha.

Ndiye funso n'lakuti mumasewera chiyani. EA Sports FC, imene ambiri timaitchabe FIFA, imakhala pa zithunzi 60 mokhazikika mpira ukamaseweredwa, ndiye VRR ilibe chochiza pamenepo. Ine ndinganene kuti ngati gemu yanu ndi imeneyo basi, musawonjezere ndalama pogula tivi chifukwa cha zilembo zitatuzi. Koma Elden Ring, imene inatuluka mu 2022, imadziwika ndi kusakhazikika pa PS5: nthawi zambiri imalephera kufika pa 60. Pa gemu yotere kusiyana kwake kumaoneka msanga.

Tsopano titenge PS5 ndi tivi ya Sony Bravia ya 120 Hz, titchere kuyambira pachiyambi. Choyamba ndi bowo. Pa Bravia zambiri, mabowo okhoza 4K pa 120 Hz ndi HDMI 3 ndi HDMI 4 okha, ndipo HDMI 3 ndi lomwe lalembedwanso eARC, lolumikizira zokuzira mawu. Ndiye PS5 ilowe pa HDMI 4, molunjika, osadutsa m'zokuzira mawu, chifukwa zambiri zakale sizidutsitsa VRR. Gwiritsani ntchito chingwe chimene chinabwera m'bokosi la PS5. Ngati chinatayika, funani cholembedwa Ultra High Speed, chokhoza 48 Gbps. Chingwe chofooka mumachidziwa ndi sikirini kuda kwa sekondi imodzi kapena ziwiri gemu ili m'kati, kapena timadontho tothwanima. Chimatha kugwira bwinobwino pa 60 Hz n'kuyamba misala pa 120 Hz.

Chachiwiri, bowolo liyenera kutsegulidwa, chifukwa tivi zambiri zimabwera litaikidwa pa liwiro lotsika. Pa Sony funani HDMI signal format, musankhe Enhanced format (VRR) pa bowo lomwe mwalowetsapo. Pa Samsung dzina lake ndi Input Signal Plus, pa LG ndi HDMI Ultra HD Deep Colour kenako VRR imayatsidwa mu Game Optimiser, ndipo pa Hisense funani HDMI Format muike pa Enhanced. Anthu ambiri amene amati "PS5 yanga ikukana VRR" amakhala atadumpha pamenepa.

Chachitatu ndi PS5 yeniyeniyo, imene inalandira VRR mu Epulo 2022. Njira yake ndi iyi:

```
Settings > Screen and Video > Video Output
```

Pamenepo ikani VRR, ALLM ndi 120 Hz Output zonse pa Automatic. Pansi pa VRR pali Apply to Unsupported Games, imene imakakamiza VRR pa magemu a PS5 amene sanakonzedwere zimenezi. Iyatseni, chifukwa ndi imene imathandiza magemu ngati Elden Ring, ndipo gemu ina ikayamba kuoneka zachilendo muizimitse. Kenako tsegulani Video Output Information pa tsamba lomwelo: ikuuzani ngati tivi ikuvomera VRR ndiponso malire ake. A Xbox Series X ndi S, zanu zili mu TV & display options, pansi pa Video modes, ndipo 4K TV details ikusonyezani zimene tivi yanu imakhoza.

Malirewo ndi amene amakhumudwitsa anthu. Pa PS5, VRR imagwira kuyambira 48 Hz kupita m'mwamba. Gemu ikamayenda pakati pa 48 ndi 60 zonse zili bwino, koma ikatsika pa 45 yatuluka m'malire ndipo kudodoma kumabwerera. Ndiye mukaona Elden Ring ikudodomabe pamalo ena, sikuti mwalakwitsa potchera. Pali njira yozembera vutoli, yoonetsa chithunzi chilichonse kawiri: zithunzi 40 zimasanduka 80 Hz, zomwe zili m'malire. Koma izi zimafuna sikirini ya 120 Hz, popeza 80 singakwane mu 60. Xbox imachita zimenezi yokha ikakhala pa 120 Hz, pamene pa PS5 zimadalira opanga gemuyo. Gemu yokhomedwa pa zithunzi 30 nayo VRR singaisandutse 60.

N'chifukwa chake pogula tivi muyenera kusamala ndi zolembedwa pa bokosi. Mawu ngati Motion Rate 120 kawirikawiri amalembedwa pa sikirini ya 60 Hz. HDMI 2.1 nayo si lonjezo, chifukwa malamulo ake amalola wopanga tivi kulemba dzinali ngakhale mulibe VRR kapena 120 Hz. Funani pamene alemba VRR ndi 4K 120Hz mwachindunji. Ngati tiviyo ndi yogwiritsidwapo kale ntchito, nyamulani PS5 yanu mukayesere pomwepo, Video Output Information sinama.

Chomaliza chimene chingakudzidzimutseni ndi kuthwanima. Pa sikirini za OLED ndi zina za mtundu wa VA, malo amdima amaphethiraphethira VRR ikayaka, makamaka gemu ikamatsegula gawo latsopano, pamene chiwerengero cha zithunzi chimakwera n'kutsika mwadzidzidzi. Tivi sinaonongeke. Kuwala kwa mitundu yakuda kumasintha pang'ono liwiro la sikirini likasintha. Zikakusowetsani mtendere pa gemu inayake yamdima, zimitsani VRR pa PS5 koma musiye Game Mode ili choyaka, ndipo yang'anani Picture Mode kamodzi mukatero kuti mutsimikize kuti tivi sinabwerere pa Standard.