Kuwina kawirikawiri, thumba n'kumaphwabe

Aliyense amene walowapo m'magulu ophunzitsa malonda a foreksi pafoni anaonapo uthenga wonyadira kuti masigino a gululo amawina maulendo 90 pa 100 aliwonse. Ena amalonjeza zosiyana: akuti pa dola imodzi iliyonse imene mungaike pachiswe, mudzapeza madola asanu. Manambala onsewa akhoza kukhala oona ndithu, munthu n'kutaya ndalama yake yonse powatsatira. Vuto lake n'lakuti nambala iliyonse payokha ikungonena theka la nkhani.

Nambala yoyamba imayankha funso lakuti mumawina kangati. Mukachita malonda maulendo 100 n'kutseka 55 muli ndi phindu, ndiye kuti mumawina 55 peresenti. Yachiwiri imayankha funso lina: mukawina mumapeza zingati, poyerekeza ndi zimene mumataya mukaluza? Tiyerekeze kuti mwagula yuro ndi dola ya ku America, zimene pafoni zimalembedwa EUR/USD, pa mtengo wa 1.0850. Mwaika Stop Loss pa 1.0830, kutanthauza kuti mtengo ukatsika kufika pamenepo malondawo adzitseke okha musanaluze zambiri. Mwaikanso Take Profit pa 1.0890 kuti adzitseke pa phindu. Kusuntha kwa nambala yomalizayo kamodzi kumatchedwa pipu, choncho mwaika mapipu 20 pachiswe pofuna mapipu 40. Amalonda amati 1:2, phindu likuposa luza kawiri.

Umboni wabwino wa mmene manambala awiriwa amalumikizirana unachokera ku FXCM, imodzi mwa makampani akuluakulu amene anthu wamba ankachitirako malondawa. Akatswiri ake anaunika malonda enieni oposa 43 miliyoni amene makasitomala anachita mu 2014 ndi 2015. Pa EUR/USD, makasitomalawo ankatseka ndi phindu pa maulendo 61 mwa 100 aliwonse. Kungomva zimenezi munthu akhoza kuganiza kuti ankalemera. Koma akawina ankapeza pafupifupi mapipu 48, pamene akaluza ankataya pafupifupi mapipu 83.

Tiwerengere limodzi. Maulendo 61 opambana, ulendo uliwonse mapipu 48, akupereka mapipu 2,928. Maulendo 39 oluza, uliwonse mapipu 83, akudya mapipu 3,237. Pa maulendo 100 munthuyo watsala ndi luza ya mapipu 309, ngakhale kuti masiku ambiri ankagona ali wokondwa. Zili ngati mayi wogulitsa tomato amene amapeza kaphindu masiku asanu otsatizana, tsiku lachisanu ndi chimodzi dengu lonse n'kuola: mukamufunsa kuti malonda akuyenda bwanji adzanena kuti bwino, ndipo sakunama, koma mpamba ukutha.

Anthu amenewa sankalephera kulosera kumene mtengo ukupita. Ankalephera pa nthawi yotseka. Phindu likaoneka, mtima umafulumira kulitenga lisanathawe. Luza ikaoneka, mtima womwewo umati tidikire pang'ono, mtengo ubwerera, ndipo ena amafika posuntha Stop Loss kuti isagundidwe. Akatswiri awiri a zachuma, Hersh Shefrin ndi Meir Statman, anafotokoza khalidwe limeneli mu 1985 pa anthu ogula masheya: amafulumira kugulitsa amene akwera mtengo, n'kukakamira amene atsika. Khalidweli limakweza kuchuluka kwa maulendo opambana pamene likuwononga kukula kwa phindu, ndiye munthu amene amangoyang'ana nambala yoyamba amaona ngati luso lake likukula.

Pali kawerengedwe kakafupi kamene kamamanga manambala awiriwa pamodzi. Kamakuuzani maulendo amene muyenera kuwina kuti mungobweza mpamba, osapindula komanso osaluza:

```
W = 1 / (1 + R)
```

Apa R ndi phindu la ulendo umodzi mutaligawa ndi luza ya ulendo umodzi. Phindu likafanana ndi luza, R ndi 1, ndipo muyenera kuwina theka la maulendo. Pa chitsanzo chathu cha mapipu 20 ndi 40, R ndi 2, ndiye kuwina ulendo umodzi mwa atatu aliwonse kukukwanirani kubweza mpamba. R ikafika 3, ulendo umodzi mwa anayi. Kwa makasitomala a FXCM aja, 48 kugawa ndi 83 kukupereka pafupifupi 0.58, kutanthauza kuti ankafunika kuwina maulendo oposa 63 pa 100. Iwo ankawina 61. Anaperewera ndi maulendo awiri kapena atatu okha, koma pa malonda zikwizikwi kuperewera kotereku n'kumene kumatha akaunti.

Tsopano tibwerere kwa wogulitsa masigino uja. Kuwina maulendo 90 pa 100 si kovuta kupanga. Ingoikani Take Profit pa mapipu 10 ndi Stop Loss pa mapipu 100, mtengo udzagunda yapafupiyo nthawi zambiri. Koma pamenepo R ndi 0.1, ndipo kuti mubweze mpamba muyenera kuwina pafupifupi maulendo 91. Maulendo 90 abweretsa mapipu 900, khumi otsalawo adya 1,000. Funso loyenera kumufunsa munthu wotere si lakuti amawina kangati, koma kuti luza yake yaikulu inali ya mapipu angati.

Ambiri akamva izi amathamangira mbali inayo, n'kuyamba kuika Take Profit kutali kwambiri kuti R ikhale 4 kapena 5. Apa ndi pamene ndimaona kuti aphunzitsi ambiri amasocheretsa anthu, chifukwa amalankhula ngati mungakweze R maulendo anu opambana n'kukhala pomwe analiri. Sizitheka. Malo otengera phindu akamatalikira, mtengo umawafika mwa apo ndi apo, ndipo nthawi zambiri umayamba wabwerera kudzagunda Stop Loss. Masamu ake ndi okhwima: mtengo ukanakhala kuti umangoyenda mwachisawawa, mwayi wofika pa mapipu 40 usanatsike ndi mapipu 20 ukanakhala ulendo umodzi mwa atatu, ndendende nambala ija yongobwezera mpamba. Mukasankha 1:4, mwayiwo utsika kufika umodzi mwa asanu, yomwenso ndi nambala yobwezera mpamba pa R imeneyo. Kusuntha mizere iwiriyi pakokha sikubala phindu, kumangosintha kaluzidwe. Phindu limabwera pokhapokha njira yanu yosankhira nthawi yolowera ikuwina kuposa mmene mwayi wamba ukanawinira pa R yomweyo.

Ndiye pali mtengo wochitira malondawo, umene umakankhira nambala yobwezera mpamba m'mwamba. Kampani imene mumachitirako malonda imadya kusiyana kwa mtengo wogulira ndi wogulitsira, kumene amalonda amati sipuredi, ndipo ena amalipiritsanso komishoni. Tinene kuti zonse pamodzi zikukwana pipu imodzi pa ulendo uliwonse. Pa malonda a 20 ndi 40 aja, mukawina mutsala ndi 39, mukaluza mutaya 21, ndipo mufunika kuwina maulendo 35 pa 100 m'malo mwa 33. Si zoopsa kwenikweni. Koma kwa munthu wokonda malonda a mphindi zochepa, amene amaika mapipu 5 mbali zonse ziwiri, pipu imodzi yomweyo imasandutsa phindu kukhala 4 ndi luza kukhala 6. Pamene ankaganiza kuti theka likwanira, akufunika maulendo 60.

Njira yowina mwa apo ndi apo koma mokulira ili ndi mbiri yake. Mu 1983, Richard Dennis ndi mnzake William Eckhardt a ku Chicago anayamba kuphunzitsa gulu la anthu, limene linatchuka ndi dzina lakuti Turtles, njira yotsatira mtengo ukayamba kuyenda mbali imodzi. Njira za mtundu umenewu zimaluza maulendo ambiri kuposa amene zimawina, koma luza zake zimadulidwa zikadali zazing'ono, ndipo maulendo ochepa aakulu amalipira zonse. Chovuta chake n'kupirira. Munthu wowina maulendo 35 pa 100 asadabwe kuluza kasanu ndi katatu motsatizana penapake m'maulendo 100 amenewo, njira yake ili bwinobwino. Ngati amaika 1 peresenti ya akaunti pa ulendo uliwonse, atsika ndi pafupifupi 8 peresenti ndipo apitiriza. Ngati amaika 10 peresenti, ndalama yoposa theka yapita ulendo waukulu uja usanafike. Ambiri amasiyanso njirayo pa luza yachisanu ndi chimodzi, n'kuphonya ulendo womwe ukanabweza zonse.

Njira yowina kawirikawiri nayo imabisa msampha wake, ndipo ndi woopsa chifukwa suoneka m'mbiri ya malonda mpaka tsiku limene wagwira. Kuyambira mu Seputembala 2011, banki yaikulu ya dziko la Switzerland inkaletsa yuro kutsika pansi pa mafulanki 1.20. Anthu ambiri ankagula yuro pafupi ndi mzere umenewo, n'kumatola timaphindu mobwerezabwereza. Pa 15 Januwale 2015 bankiyo inachotsa mzerewo mwadzidzidzi, mtengo unagwa kwambiri m'mphindi zochepa, ndipo ma Stop Loss ambiri anatsekera kutali zedi ndi pamene anaikidwa chifukwa panalibe wogula. Makasitomala ena anatsala ndi ngongole yoposa ndalama imene anasungitsa, ndipo kampani ya Alpari ya ku Britain inagwa. R imene anthuwa ankawerengera inali ya papepala chabe.

N'chifukwa chake manambala oyenera kuwakhulupirira ndi a malonda amene munatseka kale, osati amene munakonza musanalowe. Lipoti la akaunti mu MetaTrader 4 limaonetsa Profit Trades (% of total), limaonetsanso phindu ndi luza ya pakatikati pa mzere wa Average, ndi Expected Payoff, yomwe ndi ndalama imene ulendo umodzi ukubweretsa kapena kudya zonse zikaphatikizidwa. Gawani phindu la pakatikati ndi luza ya pakatikati kuti mupeze R yanu yeniyeni, muiike m'kawerengedwe kaja, kenako muyerekeze yankho ndi maulendo amene mukuwinadi. Amene amakonza 1:2 koma lipoti n'kuonetsa R ya 0.9 adziwe kuti akutseka phindu msanga kapena akusuntha Stop Loss, ndipo nambala yake yobwezera mpamba yakwera kuchoka pa 33 kufika pafupifupi 53.

Muonenso kuchuluka kwa maulendo amene lipotilo likuwerenga. Munthu amene luso lake lenileni ndi kuwina 40 peresenti, pa maulendo 20 okha akhoza kuwina anayi kapena khumi ndi awiri mwamwayi chabe, ndipo onse awiriwa si odabwitsa. Maulendo 100 ochitidwa ndi malamulo osasinthasintha amayamba kunena zomveka. Ngati ulendo umodzi wokha wabweretsa phindu loposa theka la phindu lonse, uchotseni kaye n'kuwerengeranso, kuti muone ngati maulendo otsalawo akudziimira paokha.