Zitumbuwa Zopanda Fulawa Kapena Mazira

Fulawa akatha kapena akakwera mtengo, zitumbuwa zimathekabe. Nthochi zitatu zakupsa kwambiri, zija zamadonthomadontho akuda pakhungu, muzikanye mpaka zisalale. Ndizo zimagwira ntchito ya dzira, kumata ufa kuti chitumbuwa chisaphwasuke. Thiranimo makapu awiri a mgaiwa wosefa, kamchere ndi theka la kasupuni kakang'ono ka soda. Mkaka sufunika, madzi ofunda pang'ono akwana.

Pamene ambiri amalakwitsa ndi pa madziwo. Mgaiwa sutamuka ngati fulawa, choncho mukachulutsa madzi, chitumbuwa chimabalalika m'mafuta n'kumwa mafutawo. Mukachitapa ndi supuni chizigwa mwaulesi, osati kuyenderera. Soda akachuluka mudzadziwira kuwawa ndi fungo la sopo. Moto ukhale wapakatikati, apo ayi kunja kupserera mkati muli mwauwisi.