Mwalipira chaka chathunthu, bwanji ngongole siikutsika?

Pali tsiku lina limene anthu ambiri otenga ngongole ku banki saliiwala. Ndi tsiku limene amapita kukafunsa kuti yatsala zingati, atadulidwa ndalama pa malipiro awo mwezi ndi mwezi kwa chaka chathunthu. Munthu amachoka kunyumba atawerengetseratu kale mumtima kuti zomwe wapereka ndi zakutizakuti, ndiye zotsala ziyenera kukhala zakuti. Koma akampatsa sitetimenti, mutu umaima. Ena amapsa mtima pompo n'kuyamba kunena kuti aberedwa. Nthawi zambiri sipakhala kuba kulikonse. Chimene chimachitika n'chakuti ndalama imene mumapereka pamwezi imagawidwa pawiri isanafike pa ngongole yanu, ndipo m'miyezi yoyambirira gawo lalikulu limapita kwina.

Tiyerekeze mphunzitsi amene wafika pofolera nyumba yake, ndipo watenga K1,000,000 yogulira malata ndi matabwa. Agwirizana kuti abweza m'miyezi 36, chiwongoladzanja ndi 36 peresenti pachaka, chowerengedwa pa ndalama yotsala. Manambalawa ndasankha ine kuti masamu asativute, chifukwa 36 peresenti tikaigawa m'miyezi 12 ikubwera 3 peresenti pamwezi. Pa ngongole yotere azidulidwa K45,804 mwezi uliwonse, yosasintha kuyambira mwezi woyamba mpaka womaliza.

Kusasintha kumeneku ndi kumene kumatisokoneza. Poti ndalama yotuluka m'thumba ndi imodzimodzi, timaganiza kuti ngongole nayo ikutsika mofanana mwezi uliwonse. Sizili choncho.

Mwezi woyamba ukatha, wobwereketsa amayamba watenga mtengo wa ndalama yake imene mwakhala nayo mwezi wonsewo. Mtengowo ndi 3 peresenti ya K1,000,000, yomwe ndi K30,000. Imeneyi ndiye chiwongoladzanja, ndipo siichotsa ngakhale tambala pa ngongole. Pa K45,804 imene mphunzitsi uja wapereka, tikachotsa K30,000 patsala K15,804. Iyi yokha ndi imene yabweza ngongole yeniyeni. Choncho atapereka ndalama yonse ija, ngongole yake yangotsika kufika pa K984,196. Pa makwacha atatu alionse amene wapereka, pafupifupi awiri apita ku chiwongoladzanja.

Mwezi wachiwiri masamu ndi omwewo, kungoti tsopano 3 peresenti ikuwerengedwa pa K984,196. Chiwongoladzanja chikubwera K29,526. Chatsika, koma ndi K474 yokha. K474 imeneyo ikusamukira mbali inayo, ndiye gawo lobweza ngongole likukwera kufika K16,278, ngongole n'kutsala K967,918. Mwezi wachitatu chiwongoladzanja ndi K29,038, gawo la ngongole K16,766, yotsala K951,152.

Aliyense amene ali ndi kakyuleta ya pafoni angathe kuchita zimenezi. Mumatenga ngongole yotsala n'kuichulukitsa ndi peresenti ya pamwezi. Chimene mwapeza mumachichotsa pa ndalama imene mumadulidwa. Chotsalacho mumachichotsanso pa ngongole. Mwezi wotsatira mumayambira pa nambala yatsopanoyo. Ndikulimbikitsa kuti muchite ndi dzanja lanu miyezi itatu kapena inayi, chifukwa ukaona wekha nambala ikusuntha pang'onopang'ono chonchi, zimakhazikika m'mutu kuposa kungouzidwa.

Tikapitiriza mpaka mwezi wachisanu ndi chimodzi, mphunzitsiyu wapereka K274,824, koma ngongole yake idakali pa K897,774. Pofika tsiku lija lokafunsa, chaka chitatha, wapereka K549,648. Iye m'mutu mwake akuona ngati wadutsa theka, ndipo sitingamudzudzule, poti ndalama yoposa theka la miliyoni yatulukadi m'thumba mwake. Koma sitetimenti ikuti yatsala pafupifupi K775,700. Pa ngongole pachoka K224,300 chabe, pomwe ndalama yoposa K325,000 yapita ku chiwongoladzanja. Apa ndi pamene pali nkhani yonse. Akadzamaliza miyezi 36 adzakhala atapereka chiwongoladzanja cha pafupifupi K649,000, ndipo theka la ndalama imeneyo walipereka kale m'chaka choyamba chokha.

Kodi ndi chinyengo? Ine ndikuti ayi, ndipo ndi bwino tinene chilungamo pamenepa. Wobwereketsa sanaunjike dala chiwongoladzanja kumayambiriro. Chimakula kumayambiriro chifukwa ndi nthawi imene muli ndi ndalama zake zambiri m'manja. Peresenti ndi yomweyo mwezi woyamba ndi womaliza. Chosintha ndi ndalama imene peresentiyo ikuwerengedwapo. Chimene ndimadandaula nacho n'chakuti anthu ambiri amasayina mapepala atangouzidwa nambala imodzi, ya pamwezi, popanda wowaonetsa mmene nambalayo idzagawidwire. Munthu woti adzakhala akudulidwa zaka zitatu ayenera kuona zimenezi asanagwire cholembera.

Pa ngongole ya mphunzitsi wathuyu zinthu zimatembenuka mwezi wa 14. Umenewu ndi mwezi woyamba umene gawo lobweza ngongole, K23,208, likuposa chiwongoladzanja. Mwezi wa 18, pakati penipeni pa ulendo, ngongole idakali pafupifupi K630,000. Imatsika pansi pa theka mwezi wa 23. Kuchokera apo imathamanga, moti mwezi womaliza chiwongoladzanja ndi K1,334 basi.

Tsopano taonani zimene zimachitika munthu akasankha nthawi yaitali pofuna kuti azidulidwa zochepa. Ambiri timatero, ndipo n'zomveka, chifukwa malipiro ayenera kutsalako ogulira ufa ndi kulipira fizi. Ngongole yomweyi ikatambasulidwa kufika miyezi 60, ya pamwezi imatsika kufika K36,133. Mpumulo wake ndi wosakwana K10,000. Koma chiwongoladzanja cha mwezi woyamba sichinasinthe, chidakali K30,000, chifukwa miliyoni ija ndi yomweyo. Mpumulo wonsewo wachotsedwa ku gawo lobweza ngongole, lomwe latsika kuchoka pa K15,804 kufika pa K6,133. Chaka chikatha ngongole imakhala idakali pafupifupi K913,000, ndipo pomaliza chiwongoladzanja chonse chimafika pafupifupi K1,168,000, kuposa ndalama imene inabwerekedwa. Amene wasankha njira imeneyi asankhe akudziwa mtengo wake.

Masamu omwewa ali ndi mbali yabwino, ndipo ndi imene ndikufuna muigwiritsitse. Ndalama iliyonse yowonjezera imene yapita molunjika pa ngongole yeniyeni imasiya kubala chiwongoladzanja kuyambira tsiku lomwelo. Tinene kuti mphunzitsi uja wagulitsa soya wake, ndipo kumapeto kwa mwezi wachisanu ndi chimodzi waponya K100,000 pa ngongole ya miyezi 36 ija. Mwezi wotsatira chiwongoladzanja chatsika ndi K3,000, ndipo K3,000 imeneyo ikuyamba nayo kudula ngongole. Akapitiriza kupereka K45,804, miyezi 30 imene inatsala ikhala 25, ndipo apulumutsa pafupifupi K129,000. Koma akadikira mpaka mwezi wa 24 kuti aponye K100,000 yomweyo, apulumutsa pafupifupi K38,000 yokha. Ndalama ndi yomweyo, kusiyana ndi nthawi.

Pamenepa pali pofunika kusamala. Musangoika ndalama mu akaunti n'kumaganiza kuti yadula ngongole. Ikhoza kungokhala momwemo kudikira tsiku lodula, kapena kuwerengedwa ngati mwalipiriratu miyezi ya kutsogolo. Nenani momveka, makamaka polemba, kuti ndalamayo ichotsedwe pa ngongole yotsala, ndipo mupemphe ndondomeko yatsopano yobwezera. Funsaninso ngati pali chindapusa kwa wobweza msanga, chifukwa mapangano ena amakhala nacho.

Mukayerekeza masamu anu ndi sitetimenti, mwina simupeza nambala yofanana ndendende. Kusiyana kwa makwacha mazana angapo kusakuopseni. Mabanki ambiri amawerenga chiwongoladzanja pa tsiku, choncho mwezi wa masiku 31 umadula kuposa Febuluwale. Koma kusiyana kukakhala kwakukulu, pali chimene chikuchitika. Mwina pa ndalama ya pamwezi pakuchoka inshuwalansi kapena zolipira zina. Mwina munadumphitsa mwezi, chiwongoladzanja n'kupitiriza kuwerengedwa pa ngongole yosatsika. Mwinanso peresenti inakwera, pakuti ngongole zambiri za m'mabanki a m'Malawi muno zimatsatira mlingo umene umasuntha Reserve Bank of Malawi ikasintha chiwongoladzanja chake. Pa chitsanzo chathu, peresenti ya pamwezi ikanakhala 3.5 m'malo mwa 3, chiwongoladzanja cha mwezi woyamba chikanakhala K35,000, ndipo pa K45,804 ija pakanatsala K10,804 yokha yobwezera ngongole. Zikatero wobwereketsa amakweza ya pamwezi kapena kutalikitsa nthawi.

Chomaliza chofunika kuyang'ana ndi mzere wa chiwongoladzanja pa ndondomeko imene akupatsani. Ngati nambala ya mumzerewo ikutsika mwezi ndi mwezi, ndiye kuti akuwerengera pa ndalama yotsala, monga taonera. Koma ngati ili yomweyo kuyambira pamwamba mpaka pansi, akuwerengera pa ndalama yonse imene munatenga poyamba, ngati kuti simunabwezepo kanthu. Obwereketsa ena amatero. Atati akuwerengereni 36 peresenti mwa njira imeneyi pa miliyoni ija kwa zaka zitatu, chiwongoladzanja chingakhale K30,000 mwezi uliwonse, chonse pamodzi K1,080,000, ndipo pamwezi mungamapereke K57,778. Pakamwa onse akunena 36 peresenti, koma wachiwiriyu akukudyerani K431,000 yowonjezera.

Ngati muli ndi ngongole panopa, kapena mukuganiza zotenga, pitani mukapemphe ndondomeko yobwezera yosonyeza mwezi uliwonse padera: chiwongoladzanja, gawo la ngongole, ndi yotsala. Mukafika nayo kunyumba, khalani pansi ndi foni yanu muwerengetse nokha mizere itatu yoyambirira, ndipo pamene sipakugwirizana mubwerere mukafunse musanasayine kapena musanadulidwenso mwezi wina.