N'chifukwa Chiyani Ana Amakanika Kuchotsera Samu Zokhala ndi Ziro?

Mupatseni mwana wa sitandade 3 samu iyi: 302 − 147. Ana ambiri amalemba 245. Mwanayo sanalote yankholi ayi. M'danga lililonse wachotsa nambala yaying'ono pa yaikulu, posayang'ana yomwe ili pamwamba.

Ena amapeza 165. Awa aona kuti 2 sangachotsedwepo 7, ndipo pofuna kutenga kwa mnzake wa kumanzere apeza ziro. Adumpha zirowo, atenga pa 3, kenako asandutsa ziro kukhala 10 ndi 2 kukhala 12, kuiwala kuti pa makumi khumiwo limodzi lapita kale.

Gwero la vuto ndi loti anawo aloweza lamulo asanamvetse kuti ziro akunena kuti m'danga la makumi mulibe kanthu.

Yambani ndi timitengo. Mangani timitengo khumi kukhala kamtolo, timitolo khumi kukhala mtolo wa 100. Ikani mitolo itatu ndi timitengo tiwiri. Mwana amasule yekha mtolo umodzi: itsala iwiri, ndipo papezeka timitolo khumi. Amasulenso kamtolo kamodzi: titsala 9, timitengo tapadera tikwana 12. Awerenge, aone kuti zonse zikadali 302. Tsopano achotse: 12 − 7 = 5, 9 − 4 = 5, 2 − 1 = 1. Yankho ndi 155.

Akamaliza, aphatikize 155 ndi 147 kuti aone ngati zikubwerera pa 302. Aphunzitsi ndi makolo, musathamangire cholembera mwana asanamasule mitolo ndi manja ake.